Firiji ya ku Eriya 23 yandidya: nditchule mtengo wa ola kapena wa ntchito yonse?

Wamafiriji_Kawale
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakonza mafiriji, ndipo chaka chino n'chachiwiri ndili pandekha. Sabata yatha mayi ena a ku Eriya 23 anandiimbira kuti firiji yawo ikulira koma sikuzizira. Pafoni pomwepo anafunsa kuti kuthira gasi ndi zingati, ine n'kunena K35,000, tinagwirizana. Ndinapita, ndinathira, inazizira, anandilipira. Patapita masiku anayi anaimbanso, yasiya. Ulendo wachiwiri ndinakhala masana onse kusaka pothawira gasi osapapeza. Wachitatu ndi pamene ndinapeza kuti paipi yabooka pafupi ndi fyuluta, ndinawotcherera, ndinasintha fyuluta, ndinathiranso gasi.

Madzulo nditakhala pansi ndi kope ndinapeza izi. Kabaza maulendo atatu K12,000, ulendo wokagula fyuluta ku Malangalanga K3,000, gasi kawiri K18,000, fyuluta K5,000, zowotcherera K4,000. Zonse K42,000. Ndalandira K35,000, ndiye kuti ndatulutsa K7,000 ya m'thumba mwanga, kuwonjezera maola 11 amene palibe wandilipira. Mayiwo akuti tinapangana kale mtengo, ndipo sindingawatsutse chifukwa n'zoona. Kodi ndiyambe kutchaja pa ola? Zandipweteka kwambiri, mwezi uno lendi ikundidikira.

Wa_ku_Joni
Achimwene, pa ola basi. Kuno ndimagwira ndi pulambala, ndipo munthu akangotiitana pali ndalama yobwerera imene imaphimba ola loyamba. Kupitirira apo ola lililonse lili ndi mtengo wake, zipangizo padera. Mukanachita zimenezo maola 11 anuwo akanalipidwa onse.

Mayi_a_Golosale
Pa ola kuno kwathu? Ine sindingalole. Munthu afike pakhomo panga, ayankhe foni katatu, apite kukagula sipeya abwere patatha maola awiri, kenako andiuze kuti wagwira maola asanu? Ndiziwerenga ndi ndani? Ine ndimafuna kudziwa ndalama yonse ntchito isanayambe, chifukwa ndimaitenga m'kabati ya golosale.

Wa_ku_Joni
Mayi, mumalemba nthawi imene wafika ndi imene wanyamuka. Si zovuta.

Mayi_a_Golosale
Nanga magetsi akazima ali pakati pa ntchito, n'kukhala pansi kudikira, maola amenewo alipire ndani?

Madala_a_Biwi
Mwana wanga wa ku Kawale, ndayamba ndawerenga kawiri zimene walemba. Ola silikanakupulumutsa, chifukwa cholakwika chinachitika usananyamuke pakhomo. Unatchula mtengo pafoni wa ntchito imene sunaione, ndipo unalola kasitomala kukuuza matenda. Iwo anati gasi, iwe n'kuvomera gasi.

Gasi wa m'firiji satha ngati makala. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo firiji yabwino imatha zaka zambiri osathiridwa. Ukapeza wachepa, ndiye kuti pali pamene akuthawira. Choncho ntchito yotchedwa kuthira gasi payokha kulibe. Ntchito yake ndi kupeza pobooka, kutseka, kusintha fyuluta, kukoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi ndi pampu, kenako kuthira. Iwe unagulitsa gawo lomaliza lokha, koma mayi aja m'mutu mwawo anagula firiji yozizira. Pamenepo ndi pamene munasemphana.

Ine ndimagawa ntchito pawiri. Gawo loyamba ndi kufufuza vuto, ndipo lili ndi mtengo wakewake wosasintha, umene munthu amalipira kaya ndikonze kaya ndisakonze. Pafoni ndimatchula umenewo wokha. Ndikaona ndi maso, ndi pamene ndimatchula mtengo wa gawo lachiwiri, wa ntchito yonse, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wokana.

Wamafiriji_Kawale
Madala, ndamva, ndipo pa gasi paja mwalasa. Ndinkadziwa kuti pangakhale pobooka, koma ndinaopa kuti ndikanena zambiri aitana wina. Koma ndalama yofufuzira anthu amavomera? Ambiri amati, ungoona chabe ndikulipire?

Madala_a_Biwi
Ena amakana, ndipo ndimawasiya. Koma ambiri amavomera ndikawauza kuti akandipatsa ntchitoyo, ndalama imeneyo ndiichotsera pa mtengo wonse. Ndiponso usamangoona chabe. Tsegula kumbuyo iwo ali pomwepo. Tulutsa rile, kachipangizo kodzutsa kompuresa, uigwedeze pafupi ndi khutu lawo, ikakhala yopsa imalira ngati muli timiyala. Ika malitimita yoyezera magetsi pa timapini titatu ta kompuresa, uwaonetse kuti manambala awiri ang'onoang'ono ukawaphatikiza akufanana ndi lachitatu lalikulu, kutanthauza kuti mawaya a mkati ali bwino. Yendetsa chala pa mfundo za mapaipi, pamene pali mafuta ndi pamene gasi amakonda kuthawira, upake thovu la sopo aone likufufuma. Munthu akaona zimenezo sanenanso kuti wangoona.

Telala_Ndirande
Ife atelala zoti ola sitizidziwa. Diresi ndi mtengo wa diresi, yunifomu ndi mtengo wa yunifomu. Koma ndikuuzeni, kusoka chatsopano n'kosavuta kutchula mtengo kusiyana ndi kukonza chakale. Wina amabwera ndi jekete akuti mungosintha zipi. Ukamasula umapeza nsalu ya mkati yafumbwa, kuti zipi igwire uyenera kuyamba waika chigamba mbali zonse. Masiku ano ndimanena kuti ndimasule kaye, mtengo mudzaumva mawa.

Madala_a_Biwi
Achemwali a ku Ndirande anena zomwezo. Chatsopano umadziwa malire ake, chakale chimabisa.

Chidzukulu_Mzimba
Pepani ndifunse, ndiye malinga ndi lamulo munthu ayenera kulandira zingati pa ola? Ndili ndi mnyamata amene amandithandiza pa shopu, ndimamupatsa pa mwezi. Ndisinthe?

Telala_Ndirande
Achimwene, imeneyo ndi nkhani ya malipiro a wantchito, pitani mukafunse ku ofesi ya zantchito. Pano tikukamba za mtengo umene mmisiri amauza kasitomala.

Chidzukulu_Mzimba
Oo, ndamva. Pitirizani, ndikuwerenga.

Wa_ku_Joni
Koma madala, simunandiyankhe. Mwati mtengo wa ntchito yonse. Mtengowo mumautenga kuti ngati simuwerenga maola? Ambiri kumudziko amangoyang'ana galimoto imene ili pabwalo n'kutchula nambala.

Madala_a_Biwi
Funso labwino, ndipo apa muli ndi mfundo. Maola ndimawerenga, kungoti ndimawerengera m'kope mwanga, kasitomala samawaona. Nditenge manambala ongoyerekeza, aliyense aikepo ake.

Tinene kuti pakhomo pamafunika K420,000 pa mwezi, ndipo ntchito payokha imadya K120,000: lendi ya kashopu, mayunitsi, kusungira geji yoyezera mphamvu ya gasi kapena pampu ikadzafa. Zonse K540,000. Tsono apa ndi pamene anyamata ambiri amadzinamiza. Amati ndimagwira maola asanu ndi atatu pa tsiku. Ayi. Umachoka m'mawa n'kubwera madzulo, koma maola amene manja ako ali pa firiji ya munthu ndi anayi pa tsiku labwino. Ena onse amathera pa minibasi, pa mzere wa sipeya, kudikira mwini nyumba abwere ndi kiyi, kudikira magetsi. Masiku 24 kuchulukitsa ndi 4 ndi maola 96, ndipo ndimatsitsa kufika 90 chifukwa kuli maliro ndi matenda. K540,000 kugawa ndi 90 ndi K6,000. Limenelo ndiye ola lako.

Tsopano firiji ya ku Eriya 23. Pobooka poonekera, ntchito yonse ndi maola atatu, ndiye K18,000. Gasi kamodzi, fyuluta ndi zowotcherera, pa mitengo imene walemba, ndi K18,000, ndipo ndimawonjezerapo K3,600 chifukwa ndalama yogulira ndi yanga ndipo gasi wina amatayika m'mapaipi a geji. Maulendo awiri K8,000, pakuti ukatseka pobooka ndi bwino kusiya mapaipi ali ndi mphamvu ya naitirojeni usiku wonse, mawa uone ngati singano ya geji yatsika. Zonse K47,600. Pamwamba ndimaika gawo limodzi mwa magawo khumi, la ntchito zimene zimabwerera ngakhale utasamala bwanji. Ikufika cha m'ma K52,000. Iwe unatchula K35,000, ndiye kuti ngakhale zonse zikanayenda bwino leba yako inali yochepa kale.

Wamafiriji_Kawale
Zoti maola anayi pa tsiku zandikhudza. Ndatsegula kope la mwezi watha, ntchito zinali 19 zokha mwezi wonse. Sindinaganizepo zogawa lendi yanga pa ntchito zimenezo.

Mphunzitsi_Dedza
Ine ndine kasitomala chabe, koma ndili ndi dandaulo la mbali inayo. Firiji yanga inkangolira kuti tcha, n'kukhala chete, tcha, n'kukhala chete. Anabwera mmisiri, anasintha kanthu kakuda kumbuyo, mphindi khumi ndi zisanu sizinakwane, akuti K25,000. Ndinalipira koma mtima unandiwawa. Apa ndiye ndikanakonda kulipira pa ola.

Madala_a_Biwi
Aphunzitsi, imeneyo inali rile, ndipo nkhani yanu ndi imene imandikanitsa mtengo wa ola pa ntchito zodziwika. Amene anamva kulirako n'kudziwa nthawi yomweyo anamaliza msanga chifukwa akuidziwa ntchito. Wosadziwa akanatha maola atatu, mwina n'kukuuzani kuti kompuresa yafa, mugule ina. Pa ola, wodziwayo alandira zochepa kuposa wosadziwayo. Komanso kumbukirani kuti anachoka kwawo, anakwera, ndipo rileyo anali nayo m'chikwama atagula ndi ndalama zake.

Mphunzitsi_Dedza
Ndikumva, koma akanandiuza asanasinthe. Anangosintha n'kutambasula dzanja.

Madala_a_Biwi
Pamenepo analakwa, sindimuikira kumbuyo. Mtengo umanenedwa sipanala isanagwire.

Mayi_a_Golosale
Ndipo azisiya sipeya yakaleyo pakhomo. Wina anandiuza kuti wasintha themositati, yakale anapita nayo, mpaka lero sindidziwa ngati anasinthadi.

Butchala_Mchesi
Poti mwatchula za chinyengo, kodi n'zoona kuti ena amathira gasi wolakwika? Fiziriza yanga ina chithirireni gasi sikuzizira ngati kale, ndipo kompuresa ikutentha kwambiri.

Wamafiriji_Kawale
Bambo, yang'anani kachipepala kamene kali pa kompuresa kapena kumbuyo kwa fiziriza. Pamalembedwa mtundu wa gasi, kawirikawiri R134a kapena R600a, ndipo nthawi zambiri magalamu ake amalembedwanso. Awiriwa sasinthanitsidwa. R600a amalowa wochepa kwambiri, ndiye amafunika kuyeza pa sikelo, ukapitiriza pang'ono firiji sigwira bwino. Amayakanso moto, choncho munthu asayatse chowotcherera asanamutulutse yense. Mufunseni amene anathirayo kuti anathira uti komanso wochuluka bwanji.

Butchala_Mchesi
Ndikayang'ana mawa. Koma ndibwerere pa nkhani yanu, chifukwa ine ndili ndi njira yachitatu imene simunaitchule. Ndili ndi mafiziriza anayi. Imodzi ikafa Lachisanu madzulo, nyama ya ng'ombe yathunthu ili pa ngozi. Ndinagwirizana ndi mnyamata wina kuti ndizimupatsa K40,000 mwezi uliwonse. Amabwera kamodzi kudzapukuta fumbi pa mapaipi akumbuyo, kuona mphira wa chitseko, kumvetsera makompuresa. Ikavuta ndikamuimbira amabwera tsiku lomwelo. Kwa ine ndi mtendere. Achimwene a ku Kawale, sakani mabutchala ndi mabala atatu kapena anayi otere, lendi yanu izituluka pamenepo.

Wamagetsi_Limbe
Phukusi la pamwezi ndi labwino koma lili ndi mano, ine linandiluma. Ndinali ndi mgwirizano wa chaka ndi malo ena ogona alendo, ndalama imodzi pa mwezi, ndipo m'kalatamo ndinalemba kuti zonse zili momwemo, leba ndi zipangizo zing'onozing'ono. Tinasainirana mu Ogasiti 2023. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mabuleka, mababu ndi mawaya zinakwera nthawi yomweyo chifukwa zonse n'zochokera kunja. Ine ndalama yanga inali yomweyo mpaka chaka chithe. Kuwonjezera apo, poti kuitana kunali kwaulere, ankandiitana ngakhale babu limodzi likapsa, usiku womwe. Miyezi ina ndinapita kasanu ndi kawiri.

Pano ndikalemba phukusi, zipangizo sizilowamo, mwini wake amagula kapena ndimamutchulira padera tsiku limenelo. Ndimalemba kuti kuitana kuwiri pa mwezi kuli momwemo, kwachitatu kulipiridwa. Ndipo mtengo timauonanso pakatha miyezi itatu iliyonse.

Butchala_Mchesi
Sipeya ndimagula ndekha, pamenepo tikugwirizana. Koma zowerenga maulendo ine ayi. Ngati ikufa katatu pa mwezi ndiye kuti sakukonza bwino, ndilipirenso bwanji?

Wamagetsi_Limbe
Nanga ngati ikufa chifukwa anyamata anu akugoba ayezi ndi mpeni n'kuboola paipi?

Butchala_Mchesi
Zimenezo zinachitikadi kamodzi, ndipo ndinalipira padera osakangana.

Madala_a_Biwi
Ndiye muzilemba zimenezo pa chiyambi, pamene nonse mukusekererana. Ndiwonjezere chimodzi kwa wa ku Kawale. Usalowe phukusi ndi mafiziriza amene sunawakonzepo. Yamba wawafufuza onse pa mtengo wake, okalamba uwakonze kaye kapena uwatulutse mu mgwirizano. Apo ayi munthu akupatsa mitembo inayi kuti uziidzutsa ndi K40,000. Pa ola la K6,000 lija, ndalama imeneyo ndi maola osakwana asanu ndi awiri, mayendedwe tisanachotse.

Wojambula_Zomba
Kwathu kojambula zikwangwani ndi makadi a ukwati vuto si sipeya, ndi kusintha. Ndimatchula mtengo wa khadi, ndikatumiza, mkwatibwi akuti mtundu usinthe, ankhoswe akuti dzina la mfumu lilowe, komiti ikuti chithunzi china. Khadi limodzi ndinalisintha kakhumi ndi kawiri pa mtengo womwewo. Tsopano ndimalemba pa WhatsApp ntchito isanayambe: kusintha kawiri kuli mu mtengo, kupitirira apo ndi pa ola. Chodabwitsa n'choti chiyambireni sindinatchajepo ola limenelo. Akangodziwa kuti lilipo, amakhala pansi onse n'kutumiza zosintha pamodzi.

Wa_ku_Joni
Mwaona? Ola lomwe lija labweranso.

Madala_a_Biwi
Labwera, ndipo pali malo amene inenso ndimalitchula poyera. Ndi pa ntchito imene sindingadziwe kutalika kwake ngakhale nditafufuza. Chitsanzo ndi gasi wothawira mkati mwa khoma la firiji. Kunja mfundo zonse zili bwino, sopo sakufufuma paliponse, koma geji ikutsika usiku. Pamenepo uyenera kudula mapaipi, kutseka mbali imodzi, kuyesa mbali iliyonse payokha. Nthawi zina umapeza kuti ndi kapaipi kamene kamazungulira pakhomo pa firiji kuti pasachite thukuta, ndipo kameneko ungathe kukalambalala firiji n'kugwira. Nthawi zina ndi mkati mwenimweni mosafikika, ndipo firijiyo yatha.

Ntchito yotere ndimamuuza munthu kuti ndisaka pa K6,000 pa ola, koma sindipitirira maola atatu ndisanakuimbireni. Akatero amadziwa kuti zikavuta kwambiri wataya K18,000, osati ndalama yopanda malire. Ndipo ndimawerenga nthawi imene manja ali pa ntchito yokha. Usiku wodikira geji suwerengedwa, magetsi akazima wotchi imaima. Mayi a golosale, yankho la funso lanu lija ndi limeneli.

Mayi_a_Golosale
Ikakhala ndi malire choncho ndingavomere. Koma ndikufunabe aziilemba, osati pakamwa.

Telala_Ndirande
Nanga achibale? Zonse mwawerengazi zimathera pa mawu oti iwe ndi mwana wa achemwali anga.

Wamagetsi_Limbe
Ine achibale ndimawakhululukira leba ndikafuna, koma zipangizo ndi thiransipoti atumize pa Mpamba ndisananyamuke. Ndimawauzanso mtengo weniweni ngakhale sindiutenga, kuti akamanditumizira anzawo asakanene kuti amakonza ndi K5,000.

Telala_Ndirande
Kunena n'kosavuta achimwene. Apongozi akabwera ndi nsalu, pakamwa pamauma.

Mphunzitsi_Dedza
Funso lina kwa madala. Mwati gawo limodzi mwa khumi ndi la ntchito zobwerera. Ndiye kuti ikavutanso mumakonza ulere? Kwa nthawi yaitali bwanji?

Madala_a_Biwi
Miyezi itatu, koma pa chimene ndinagwira chokha. Ndikawotcherera mfundo n'kuthawanso pomwepo, gasi ndi ulendo ndi zanga. Ikafa kompuresa patatha mwezi chifukwa magetsi anabwera mwamphamvu, imeneyo ndi ntchito ina. N'chifukwa chake pa risiti ndimalemba dzina la chimene ndakonza, osati kungoti kukonza firiji.

Wamagetsi_Limbe
Miyezi itatu pa firiji yakale yochokera ku kaunjika? Madala mwachulutsa. Ine ndikanapereka mwezi umodzi. Mapaipi adzimbiri ukatseka apa amabooka apo, ndipo kasitomala sasiyanitsa.

Madala_a_Biwi
Yadzimbiri ndimamuonetsa mwini wake dzimbirilo, ndipo nthawi zina ndimakana ntchitoyo. Koma mwezi umodzi ndi wochepa, pobooka pang'ono pamatenga masabata kuti paonekere. Apa tisiyana maganizo.

Wa_ku_Joni
Chimene sindikugwirizana nachobe ndi K52,000 ija. Mnzake wa pafupi akatchula K30,000 pafoni, mayi aja aitana ndani? Kope silimuletsa kasitomala kusankha wotchipa.

Madala_a_Biwi
Aitana wa K30,000, ndipo ena sabweranso kwa iwe. Sindingakunamizeni kuti onse amabwerera. Koma pa manambala a mnyamatayu, zipangizo ndi maulendo awiri zokha ndi K26,000. Wa K30,000 uja ndiye kuti akudumpha fyuluta ndi kuyesa, kapena akugwira maola atatu pa K4,000.

Wamafiriji_Kawale
Zikomo nonse. Dzulo kunabwera foni ya ku Chilinde, akuti gasi watha, ndi zingati. Ndinati kubwera kudzafufuza ndi K10,000, mukandipatsa ntchito ndichotsera. Anakhala chete, kenako anati abwereranso, mpaka pano sanaimbe. Lero m'mawa wina wa ku Kaliyeka wavomera. Ndapeza kuti gasi ali bwinobwino, chafa ndi kafani ka m'chipinda cha ayezi. Ndikanatchula za gasi pafoni ndikanathira pachabe. Ndawauza K34,000 zonse pamodzi ndi fani, ndalemba pa WhatsApp, atumiza theka la ndalama yogulira.

Mayi a ku Eriya 23 aja sindiwapempha kanthu, tinapangana. Madala, fani ya mtundu umenewu ku Malangalanga ndaisowa m'mashopu awiri. Ku Biwi ingapezeke yochotsa ku firiji ina? Ndipo ikakhala yakale choncho, miyezi itatu ija ndiperekebe?